Masamba ambiri, mawu 200: luso lolemba chidule cha kafukufuku

Mu Sepitembala 2021, magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine inasindikiza lipoti la kafukufuku wa katemera wa tayifodi amene anachitika ku Blantyre. Ntchitoyo inatenga zaka, inakhudza ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, ndipo lipoti lake lili ndi masamba angapo odzaza matebulo ndi manambala. Komabe anthu ambiri amene amva za kafukufukuyu sanawerenge masamba onsewo. Anawerenga kandime kamene kamakhala pamwamba pa lipoti, kamene asayansi amakatchula kuti abusitirakiti. M'nkhani ino tikatchula kuti chidule.

Pali zifukwa zomveka zimene anthu amathera pa chidule. Pa malo osakira malipoti azachipatala monga PubMed, chidule chimaoneka kwaulere, pamene malipoti ambiri athunthu amafuna ndalama kuti uwatsegule. Dokotala wa pachipatala cha boma, mkulu wa ku unduna, mtolankhani kapena wophunzira amene akulemba pepala lake lomaliza amayang'ana zidule makumimakumi asanasankhe lipoti limodzi loti aliwerenge lonse. Choncho chimene chalembedwa m'chidule ndicho chimayenda m'dziko. Chikanena zopitirira zimene ofufuza anapeza, bodzalo limafika kutali kuposa kumene lipoti lenilenilo lingafike.

Chidule cha mitumitu

Kale chidule chinkakhala ndime imodzi yoyenda mmene wolemba wafunira. Wina ankathera theka la malo pofotokoza kuopsa kwa matenda, n'kumaliza osatchula kuti anayeza anthu angati. Mu 1987, gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Brian Haynes wa pa yunivesite ya McMaster ku Canada linalemba m'magazini ya Annals of Internal Medicine kupempha kuti zidule za malipoti azachipatala zizigawidwa m'mitu yodziwikiratu. Cholinga chinali choti wowerenga adziwe pamene angapeze chinthu chilichonse, komanso kuti wolemba asathe kudumpha funso lomuvuta. Mutu ukakhalapo, malo opanda kanthu pansi pake amaonekera.

Masiku ano magazini ambiri amagwiritsa ntchito mitu inayi, imene pa kompyuta mudzaiona italembedwa kuti Background, Methods, Results ndi Conclusions. Iyi ndi mafunso anayi amene munthu aliyense wanzeru angafunse wofufuza. Chiyambi: unkafuna kudziwa chiyani? Njira: unachita chiyani, pa anthu ati? Zotsatira: unapeza chiyani? Tanthauzo: zimene unapezazo zikutiuza chiyani?

Magazini iliyonse imaika malire ake a mawu. The Lancet imalola 300, New England Journal of Medicine 250, pamene magazini a kampani ya MDPI amapempha mawu pafupifupi 200. Nthawi zambiri chidule chimalembedwa m'kabokosi ka pa intaneti kamene kamawerenga mawu kapena zilembo, ndipo ukapitirira kamakana. Malire a 200 ndi othina kwambiri moti sungangofupikitsa ziganizo basi. Uyenera kusankha chimene chikhale ndi chimene chichoke.

Yambani ndi yankho

Amene akuyamba kumene ntchitoyi amatsegula tsamba loyamba la lipoti n'kuyamba kulifupikitsa ndime ndi ndime. Akamafika pa zotsatira amakhala atatha kale mawu 150, ndiye chinthu chimene wowerenga anadzera chimapanikizika m'mzere umodzi. Njira yabwino ndi kuyambira pakati pa lipoti, pa tebulo limene lili ndi chotsatira chachikulu.

Kafukufuku woyesa mankhwala kapena katemera amakhala ndi chinthu chimodzi chimene ofufuza analonjeza, asanayambe n'komwe, kuti ndicho adzachiyeze pofuna kuweruza ngati mankhwalawo agwira ntchito. Ichi ndicho chotsatira chachikulu. Pa kafukufuku wa ku Blantyre, amene anatsogoleredwa ndi Priyanka Patel ndi anzake a pulogalamu ya Malawi-Liverpool-Wellcome pamodzi ndi a yunivesite ya Maryland ku America, chotsatira chachikulu chinali tayifodi yotsimikizika poyeza magazi ku labotale. Mwana wotentha thupi chabe sankawerengedwa, ngakhale dokotala atamuganizira tayifodi. Ankawerengedwa yekhayo amene kachilombo kanamera m'magazi ake atayezedwa.

Nkhani yake inayenda motere. Kuyambira mu Febuluwale mpaka mu Sepitembala 2018, ana a miyezi 9 mpaka zaka 12 anagawidwa mwamaere m'magulu awiri. Gulu lina, la ana 14,069, linalandira katemera wa tayifodi wotchedwa Vi-TCV. Gulu linalo, la ana 14,061, linalandira katemera wa MenA, woteteza ku mtundu wina wa matenda oumitsa khosi, kuti pakhale poyerekezera koma mwana aliyense apindule ndi jakisoni amene wabayidwa. Patapita nthawi, ana 12 a m'gulu loyamba anapezeka ndi tayifodi, pamene m'gulu lachiwiri anapezeka 62.

Manambala anayi amenewa ndiwo mtima wa lipoti lonse. Musanalembe china chilichonse, alembeni m'chiganizo chimodzi: mwa ana 14,069 olandira Vi-TCV anadwala 12, mwa 14,061 olandira MenA anadwala 62. Mawu ena onse a m'chidule ntchito yawo ndi kuthandiza wowerenga kumvetsa chiganizo chimenechi ndi kudziwa kuti achikhulupirire mpaka pati. Mawu amene sakugwira ntchito imeneyi achoke.

Kugawa mawu 200

Kenaka gawani mawuwo musanayambe kulemba. Kagawidwe kothandiza pa lipoti la mtundu uwu n'kopatsa chiyambi mawu pafupifupi 25, njira 50, zotsatira 90, ndi tanthauzo 35. Si lamulo la magazini iliyonse, koma kamateteza chinthu chimodzi chofunika: zotsatira zizitenga gawo lalikulu kuposa ena onse.

Chiyambi chimakwana m'ziganizo ziwiri. Choyamba chimatchula vuto, chachiwiri chimatchula funso. Palibe chifukwa chouzira wowerenga magazini ya zachipatala kuti tayifodi imafala kudzera m'madzi ndi m'zakudya zoipitsidwa, pakuti akudziwa kale. Chimene ayenera kumva n'chakuti tayifodi yosamva mankhwala ambiri ikufala kuno ku Africa, n'chifukwa chake katemera akufunika kuyesedwa.

Gawo la njira liyenera kuyankha mafunso asanu: kafukufuku wa mtundu wanji, anachitikira kuti, pa anthu ati, anayerekezera chiyani ndi chiyani, ndipo anayeza chiyani. Pano pali mawu ochepa amene amalemera kuposa ndime yathunthu. Mawu oti "mwamaere" amauza wowerenga kuti palibe amene anasankha ana athanzi kuwaika gulu limodzi. Chiganizo choti makolo ndi ofufuza sankadziwa katemera amene mwana walandira chimamuuza kuti palibe amene akanakondera gulu lina poyeza odwala. Mukachotsa ziwirizi kuti mupulumutse mawu khumi, wowerenga sangathenso kusiyanitsa kafukufuku wolimba ndi wofooka. Zimene zingachoke popanda kuwononga kanthu ndi monga dzina la makina a ku labotale, dzina la pulogalamu ya kompyuta yowerengetsera, ndi tsatanetsatane wa mmene ana anaitanidwira.

Manambala amene sayenera kuyenda okha

Gawo la zotsatira ndi limene limafuna kusamala kwambiri. Lipoti la ku Blantyre linapeza kuti mphamvu ya katemera inali 80.7 peresenti. Nambalayi sitanthauza kuti ana 80 pa 100 alionse sanadwale, pakuti ngakhale m'gulu losalandira katemera wa tayifodi odwala anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi gulu lonse. Imatanthauza kuti kudwala kunachepa ndi pafupifupi magawo anayi mwa asanu m'gulu la Vi-TCV poyerekeza ndi gulu linalo. Mungadzionere nokha: 12 ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a 62. N'chifukwa chake peresenti isamalembedwe yokha m'chidule. Manambala enieni a odwala, 12 ndi 62, ayenera kukhala pambali pake, kuti wowerenga aone kukula kwa chinthu chimene chikuchepetsedwacho.

Nambala ina imene siyenera kusowa ndi imene m'malipoti imalembedwa kuti 95% CI. Kafukufukuyu akanabwerezedwa pa ana ena a m'madera omwewo, odwala sakanakhala 12 ndi 62 ndendende, ndipo peresenti ikanasuntha pang'ono. Ofufuza amawerengetsa mpata umene mphamvu yeniyeni ya katemera ikuyembekezeka kukhalamo. Ku Blantyre mpatawo unali kuyambira 64.2 mpaka 89.6. Wowerenga wodziwa amayang'ana nambala ya m'munsi: ngakhale zinthu zitakhala kuti sizinali bwino monga zikuonekera, katemerayu akuchepetsabe kudwala ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu. Mpatawo ukanayambira pansi pa ziro, zikanatanthauza kuti mwina katemerayo sagwira ntchito n'komwe, ngakhale nambala ya pakati ikanaoneka yosangalatsa. Mawu anayi kapena asanu amene mpatawu umadya m'chidule ndi ena mwa mawu ogwiritsidwa ntchito bwino koposa.

Palinso chisankho china chimene chimayesa chilungamo cha wolemba. Lipotili lili ndi manambala awiri a mphamvu ya katemera. Woyamba, 80.7, unapezeka powerengera ana m'magulu amene maere anawaikamo. Wachiwiri, 83.7, unapezeka powerengera ana okhawo amene zonse zinawayendera motsata ndondomeko ya kafukufuku. Malo akakhalapo, lembani onse awiri n'kunena uliwonse kumene wachokera. Malo akachepa, yang'anani m'gawo la njira la lipotilo kuti ndi uti umene ofufuza anautcha waukulu, ndipo tchulani dzina la kawerengedwe kamene mwasankha. Chosayenera ndi kutola nambala yokulirapo chifukwa choti ndi yokongola, n'kubisa kuti panali inanso.

Pomaliza, zovuta zimene anthu anakumana nazo zisamachotsedwe pofuna malo. M'miyezi 6 yoyamba ana atabayidwa, panachitika mavuto aakulu azaumoyo 130, ndipo 52 anali m'gulu la Vi-TCV pamene 78 anali m'gulu la MenA. Ana 6 anamwalira, onse a m'gulu la MenA, ndipo ofufuza sanapeze vuto lalikulu lililonse limene linayambitsidwa ndi katemera. Kholo lililonse limafuna kumva zimenezi. Malangizo a CONSORT a zidule, amene anatuluka mu 2008, amaika zovuta zotere pa mndandanda wa zinthu zimene chidule cha kafukufuku wa maere chiyenera kutchula, pamodzi ndi nambala imene kafukufukuyo analembetsedwa nayo.

Chidule chathunthu

Tikaika zonsezi pamodzi, chidule chimatuluka motere. Ichi ndi chitsanzo cholembedwa kuti tiphunzirirepo, pogwiritsa ntchito manambala a m'lipotilo.

Chiyambi: Tayifodi yosamva mankhwala ambiri ikufala kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Kafukufukuyu anayesa ngati katemera wa Vi-TCV amateteza ana a ku Malawi.

Njira: Ku Blantyre, ana a miyezi 9 mpaka zaka 12 anagawidwa mwamaere m'magulu awiri ofanana kukula. Gulu lina linalandira Vi-TCV kamodzi, lina katemera wa MenA wa matenda oumitsa khosi. Makolo ndi ofufuza sankadziwa gulu la mwana aliyense. Chotsatira chachikulu chinali tayifodi yotsimikizika poyeza magazi, m'miyezi 18 mpaka 36.

Zotsatira: Ana 28,130 anawerengedwa m'magulu omwe anaikidwamo: 14,069 a Vi-TCV ndi 14,061 a MenA. Tayifodi inapezeka mwa ana 12 a Vi-TCV ndi 62 a MenA (46.9 ndi 243.2 pa zaka 100,000 za kutsatiridwa). Mphamvu ya katemera inali 80.7 peresenti (95% CI: 64.2 mpaka 89.6). M'miyezi 6 yoyamba munachitika mavuto aakulu azaumoyo 130 (52 a Vi-TCV, 78 a MenA), kuphatikizapo imfa 6, zonse za m'gulu la MenA. Ofufuza sanapeze vuto lililonse lalikulu loyambitsidwa ndi katemera.

Tanthauzo: Pakati pa ana a ku Blantyre a miyezi 9 mpaka zaka 12, olandira Vi-TCV anadwala tayifodi yotsimikizika mocheperapo kusiyana ndi olandira MenA. Nambala ya kafukufuku: NCT03299426.

Mawu onse pamodzi ndi mitu yake ndi pafupifupi 170. Mawu 30 otsalawo akukwanira kuwonjezera nambala ya 83.7 ndi kufotokoza kumene yachokera, kapena kutchula amene anapereka ndalama za kafukufukuyu, omwe ndi bungwe la Bill & Melinda Gates Foundation. Mawu oti "zaka za kutsatiridwa" akutanthauza nthawi imene ana onse anatsatiridwa itaphatikizidwa: ana 1,000 otsatiridwa kwa zaka ziwiri amapanga zaka 2,000. Kawerengedwe aka kamathandiza pamene ana sanatsatiridwe kwa nthawi yofanana.

Pamene tanthauzo limathamanga

Onani kuchepa kwa zimene gawo lomaliza lanena. Silinanene kuti katemerayu athetsa tayifodi m'Malawi. Silinanene za akuluakulu, pakuti akuluakulu sanayezedwe. Silinanene kuti katemerayu amapulumutsa miyoyo, ngakhale imfa zonse 6 zinali m'gulu linalo, chifukwa kafukufukuyu sanakonzedwe kuti ayeze imfa, ndipo 6 ndi nambala yochepa kwambiri kuti munthu amangirepo chiweruzo. Silinanenenso kuti chitetezocho chimakhala moyo wonse. Funso la kutalika kwa chitetezo linayankhidwa ndi lipoti lina, limene linatuluka mu The Lancet mu 2024 ana omwewo atatsatiridwa kwa zaka zoposa zinayi, ndipo linapeza mphamvu ya 78.3 peresenti. Wolemba chidule mu 2021 akanalonjeza zimenezi akanakhala akulosera, ngakhale ulosi wakewo ukanadzakwaniritsidwa.

Kuthamanga kwa tanthauzo ndi vuto lodziwika, ndipo linayezedwapo. Mu 2010, Isabelle Boutron ndi anzake anafalitsa mu JAMA zimene anapeza ataunika malipoti 72 a kafukufuku amene chotsatira chake chachikulu sichinaonetse kusiyana kodalirika. Pa malipoti oposa theka, gawo la tanthauzo la chidule linalembedwa mopotoza, mokopa wowerenga kuganiza kuti mankhwalawo athandiza. Kupotozako kumazindikirika mosavuta mukadziwa zizindikiro zake. Chotsatira chachikulu chimatchulidwa mongodutsa, kenaka chidule chimakhazikika pa kagulu kena kakang'ono kamene zinthu zinaoneka bwino. Pamabwera mawu oti mankhwalawo "akulonjeza zabwino" popanda nambala pambali pake. Kapena kafukufuku amene anangoona kuti zinthu ziwiri zimapezekera limodzi amalembedwa ngati watsimikiza kuti china chimayambitsa chinzake.

Njira yodziyesera ndi yosavuta. Phimbani gawo la tanthauzo, werengani zotsatira zokha, ndipo dzifunseni chimene munthu wosakondera angathe kunena kuchokera pa manambala amenewo. Mukavundukula n'kupeza kuti mwalemba zoposa pamenepo, dulani.

Kudula ndi kutsimikiza

Chidule chikapitirira malire, kudula kuli ngati kupeta mphale: gaga ndiye auluke, osati mphaleyo. Gaga wa chidule amadziwika. Woyamba ndi ziganizo zolengeza chimene mukufuna kunena, monga "cholinga cha pepala lino ndi kufotokoza". Wachiwiri ndi mawu otamanda, monga "zochititsa chidwi" kapena "zofunika kwambiri", amene sawonjezera chidziwitso chilichonse. Wachitatu ndi kubwereza m'mawu chimene nambala yanena kale. Wachinayi ndi zotsatira zazing'ono zimene sizisintha yankho la funso lalikulu. Dzina lalitali limene libwere katatu kapena kanayi lingafupikitsidwe mutalifotokoza koyamba, koma zidule za mayina zikachuluka wowerenga amasochera. Maumboni a mabuku ena ndi mawu oti "onani tebulo 2" alibe malo, chifukwa chidule chimawerengedwa pachokha, kutali ndi lipoti lake.

Ntchito yomaliza ndi imene ambiri amaidumpha chifukwa cha kutopa. Mu 1999, Roy Pitkin ndi anzake anayerekezera zidule ndi malipoti ake m'magazini akuluakulu 6 azachipatala. Anapeza kuti, malingana ndi magazini, zidule 18 mpaka 68 pa 100 zilizonse zinali ndi manambala osagwirizana ndi a m'lipoti, kapena osapezekamo n'komwe. Chimodzi mwa zinthu zimene zimabweretsa vutoli n'chakuti chidule chimalembedwa koyambirira, mwina pokonzekera msonkhano, kenaka manambala a m'lipoti amasintha akatswiri ounika atapereka ndemanga zawo, koma chidule chimatsala ndi akale.

Mankhwala ake ndi pensulo. Sindikizani chidule ndi lipoti, tengani nambala iliyonse ya m'chidule, ipezeni m'tebulo kapena m'ndime ya lipoti, ndipo ichongeni. Phatikizani magulu muone ngati akukwana: 14,069 ndi 14,061 apange 28,130, ndipo 52 ndi 78 apange 130. Onetsetsani kuti chotsatira chimene mwachitcha chachikulu m'gawo la njira ndicho choyamba kutchulidwa m'gawo la zotsatira, komanso kuti funso la m'chiyambi ndilo layankhidwa m'tanthauzo. Mukatero, perekani chidulecho kwa mnzanu amene sanawerenge lipotilo, akuuzeni m'mawu ake kuti anayezedwa ndani, anapatsidwa chiyani ndipo chinapezeka n'chiyani. Akalephera pa chimodzi mwa zitatuzi, chidulecho sichinathe.

Kwa inu amene simulemba zidule koma mumamva pa wailesi kapena kuwerenga m'nyuzipepala kuti asayansi apeza chakutichakuti, mafunso ndi omwewa. Funsani kuti anayeza anthu angati, anawayerekezera ndi yani, odwala enieni anali angati m'gulu lililonse, ndipo panali zovuta zotani. Chidule cholembedwa mwachilungamo chimayankha mafunso onsewa m'mawu osafika 200. Chikalephera kuwayankha, musathamangire kukhulupirira tanthauzo lake musanaone lipoti lonse.